Msuzi wa mafupa ukada, sosi ikachita mibulu: chavuta n'chiyani m'potomo?

Wophunzira aliyense amene ndamulandira m'khitchini amafika akudziwa kale kuphika ndiwo. Vuto limayambira pomwepo. Kunyumba tinazolowera kuti nyama iwire mobwata, mchere ulowe msanga, tomato ndi anyezi zikazingidwe, msuzi ukhale wokoma pomwepo kuti nsima itsetsereke. Msuzi wa mafupa umene ophika a m'mahotela amautcha sitoko suli choncho. Si ndiwo ayi, ndi madzi amene atulutsa kukoma kwa mafupa ndi masamba kuti akagwire ntchito m'zakudya zina: supu, mpunga, gireve, sosi. Ukalakwika, zonse zimene zaphikidwa nawo tsikulo zimalakwika nawo limodzi.

Kaphikidwe kameneka n'kachifalansa. Auguste Escoffier ndi amene anakasanja bwino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo sosi zisanu zimene amaziona ngati makolo a sosi zina zonse zikuphunzitsidwabe m'sukulu za ophika mpaka lero. Pano sindikhudza zonsezo. Ndikamba za sitoko ya nkhuku, pang'ono za yofiirira ya ng'ombe, ndi sosi yoyera ya mkaka yotchedwa beshamelo, chifukwa zimenezi ndi zimene wophunzira amapatsidwa mwezi woyamba, ndipo ndi zimene zimatayidwa kawirikawiri.

Poyamba, muyeso wake

Tengani makilogalamu 4 a mafupa a nkhuku: misana, makosi, nsonga za mapiko, ndi zipalapasiro zingapo zotsuka bwino. Chotsani mafuta olendewera ndi timagazi touma tam'kati mwa msana. Ikani m'poto wamtali, thirani malita 6 a madzi ozizira kuti mafupa amire, madzi apitirire pamwamba ngati zala ziwiri kapena zitatu. Tenthetsani pang'onopang'ono. Madzi akayamba kutentha mudzaona thovu lotuwa likuyandama. Liwauleni ndi chipande mpaka litasiya kubwera. Mukatero chepetsani moto ndipo poto musamuvundikire.

Pakatha maola awiri, ikani masamba okwana theka la kilogalamu: magalamu 250 a anyezi, 125 a karoti ndi 125 a selari, zodula zikuluzikulu. Ophika amati miripuwa, ndipo muyeso wake n'ngosavuta kukumbukira, anyezi magawo awiri, zinazo gawo limodzilimodzi. Selari akasowa pamsika, tsinde la liki kapena timitengo ta pasile timathandiza. Onjezani masamba awiri a beyi ndi njere zochepa za tsabola wakuda zosasinja. Mchere ayi. Kuwerengera kuyambira pachiyambi, msuzi uphikike maola atatu kapena anayi, kenako sefani. Muyenera kupeza malita pafupifupi 4.

Ndi zokhazo. Tsopano tione mmene zinthu zosavuta chonchi zimasokonekera.

Msuzi watuluka wa mbuu ngati madzi otsukira mpunga

Limeneli ndiye dandaulo la tsiku ndi tsiku, ndipo pafupifupi nthawi zonse wolakwa ndi moto. Mafupa akamatentha amatulutsa timagazi ndi tizidutswa tanyama timene timaundana n'kukwera pamwamba ngati thovu lija, ndipo mafuta nawo amasungunuka n'kuyandama. Madzi akakhala odekha, zonsezi zimakhala pamwamba podikira chipande. Akabwata, zimamenyedwa n'kuphwanyika kukhala tinthu tating'ono kwambiri timene timasakanikirana ndi madzi, ndipo palibe sefa imene ingatigwire. Msuzi wotere umamveka mafuta pa lilime ndipo suoneka bwino m'mbale.

Mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa pa loji ina ya kunyanja anandiyitana tsiku lina cha m'ma 10 koloko m'mawa. "Bambo, tadzaonani, ndatsata zonse koma wada." Ndinamufunsa ngati anavundikira. Anati anavundikira kwa kanthawi chabe kuti madzi atenthe msanga, poti gasi anali wochepa, ndiye anapita kukasenda mbatata. Kanthawi kameneko kanali mphindi makumi awiri. Chivundikiro chimasunga kutentha, ndipo poto amene mwamusiya akuwira bwinobwino amayamba kubwata inu mutatembenuka. Thovu lonse limene akanawaula linali litabwerera m'kati.

Kuwira koyenera kumaoneka chonchi: kathovu kamodzi kakuphulika apa, patapita kamphindi kena kakuphulika apo, pamwamba pa madzi pakungonjenjemera. Ngati mukumva phokoso la poto muli kutsidya kwa khitchini, moto wachuluka. Pa mbaula ndiye pamafunika maso, chifukwa makala sachepetsedwa ndi batani. Phulani makala ena, kapena sunthirani poto m'mbali kuti moto uzimugunda mbali imodzi. Njira yachiwiriyi ili ndi ubwino wina: thovu limasonkhana mbali yozizirayo, ndipo kuwaula kumaphweka.

Pali zifukwa zinanso zing'onozing'ono. Kuyamba ndi madzi otentha kumaundanitsa timagazi tija mofulumira tisanasonkhane pamodzi. Kutakasa kumaphwanya masamba ndi nyama. Sitoko satakasa ngati phala. Ndipo ambiri amauwononga pomaliza penipeni, posefa, akamapendeketsa poto yense mwakamodzi kapena kufinya masamba m'sefa ndi chipande kuti pasatayike kanthu. Tungani ndi chipande pang'onopang'ono, mudutsitse pa sefa yoyala kansalu koyera konyowa, ndipo zotsalira pansi muzisiye.

Nanga wada kale, mutani? Musataye. Kukoma kulipo ndithu, ndipo mu supu ya maungu, mu mpunga kapena mu sosi yothira ufa palibe amene angazindikire. Ngati mukufunadi msuzi woyera mbee, uziziritseni, chotsani mafuta, menyani zoyera za mazira awiri pa lita iliyonse, sakanizani ndi msuzi wozizirawo, kenako tenthetsani pang'onopang'ono. Dzira likamapsa limakola zinyalala zija n'kuyandama ngati chiphala pamwamba. Musalitakase likayamba kugwirana. Koma dziwani kuti dzira limatengako ndi kukoma kwina, choncho imeneyi ndi njira yopulumutsira zinthu, si chizolowezi.

Ndi madzi chabe, sukoma kanthu

Yesani chonchi: thirani pang'ono m'kapu, ikani m'firiji. Sitoko yabwino ikazizira imagwirana n'kumanjenjemera ngati msuzi wa mang'ina wogona. Chimene chimaigwiranitsa chimachokera m'chicherewecherewe, m'mitsempha ndi m'khungu, ndipo chimasungunuka pokhapokha zinthuzi zikaphikidwa nthawi yaitali pa moto wodekha. Ikakhalabe madzi, mwina madzi anachuluka, mwina nthawi inachepa, mwinanso mafupa ake anali ouma opanda mfundo. N'chifukwa chake ndinatchula zipalapasiro. Nkhuku yachikuda yokalamba imapereka msuzi wokoma kuposa ya chizungu ya milungu isanu ndi umodzi, koma imafuna ola lina loonjezera.

Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri n'chakuti wophunzira akaona madzi akutsika amadzazanso poto mpaka pakamwa. Onjezani madzi pokhapokha mafupa akayamba kuonekera, ndipo ongokwanira kuwamiza. Msuzi ukatuluka wopanda mphamvu, useferenitu, muchotse mafuta, ndiye muuwiritse wopanda chivundikiro mpaka utatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ukasefedwa, kubwata sikuuwononganso kwenikweni, poti zodetsa zija zachoka.

Apa ndi pamene nkhani ya mchere imamveka. Madzi amauluka, mchere suuluka. Malita 4 othira mchere wokwanira bwino mukawaphwetsa kufika malita 2, mcherewo wawirikiza kawiri, ndipo gireve wake sadyeka. Ena amati ponyamoni mbatata iyamwe mchere. Ndayesapo kangapo, mbatata imayamwa msuzi wamcherewo monga ulili, wotsalawo n'kukhalabe wowawa chimodzimodzi. Chothandiza n'kusakaniza ndi sitoko ina yopanda mchere basi. Timabuloko ta msuzi togula m'sitolo tili ndi mchere wambiri, choncho musatiponye mu sitoko imene mukufuna kuiphwetsa.

Ukuwawa, kapena ukumveka fungo lachilendo

Kuwawa kumachokera ku zinthu zopserera kapena ku masamba osayenera. Poto wa sitoko si dzala. Kabichi, mpiru, repu ndi tsabola wobiriwira zimalamulira msuzi wonse, mbatata imaudetsa, ndipo karoti akachuluka umatsekemera ngati mwathira shuga. Masamba ophikidwa maola asanu ndi limodzi amatha kukoma n'kuyamba kununkha ngati ndiwo zogona, n'chifukwa chake timawaika mochedwa.

Pa sitoko yofiirira ya ng'ombe, mafupa amayamba awotchedwa mu uvuni pa madigiri 200 kwa mphindi 45 kapena ola, mukuwatembenuza, mpaka atafiira ngati khungu la buledi. Masamba amawotchedwanso, ndipo tomato wa m'chitini wokhuthala uja amapakidwa chakumapeto chifukwa sachedwa kupserera. Zomatirira pansi pa thireyi ndiye chuma chake: tsanulani mafuta, thirani madzi pang'ono, palani, muthire m'poto. Koma yang'anani mtundu wake kaye. Zikakhala zofiirira, palani. Zikakhala zakuda, zisiyeni, ndipo fupa lililonse lakuda litayeni, pakuti limodzi lokha limawawitsa malita khumi. Sitoko imeneyi imafuna maola 6 mpaka 8.

Ya nsomba ndi yosiyana kwambiri: mphindi 20 mpaka 30 zakwana. Mitu ndi minga ya chambo imachita bwino, bola muchotse zopumira zofiira zija za m'mutu ndi magazi onse, chifukwa n'zimene zimawawitsa. Mukaiphika maola ambiri ngati ya nkhuku imachita fungo loipa.

Unali bwino usiku, m'mawa wasasa

Ili ndiye vuto loopsa, chifukwa ena aja amangochititsa manyazi koma ili limadwalitsa anthu. Msuzi wa mafupa ndi chakudya chabwino kwambiri cha tizilombo toyambitsa matenda, ndipo timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60. Poto wa malita khumi wosiyidwa pa tebulo atavundikiridwa, makamaka mu Okutobala, amakhala wofunda usiku wonse. Kumulowetsa m'firiji ali wotentha sikuthandizanso: pakati pake pamakhalabe pofunda kwa maola ambiri, uku akutenthetsa mkaka ndi nyama zimene zili pafupi.

Lamulo limene ophika ambiri amatsata ndi ili: msuzi utsike kuchoka pa madigiri 60 kufika pa 21 m'maola awiri, ndipo ufike pa 5 m'maola anayi otsatira. Kuti zitheke, ugaweni m'ziwiya zosaya zachitsulo, muziike m'sinki ya madzi ozizira kapena a ayisi, muzitakasa nthawi ndi nthawi (pano kutakasa n'kololedwa, poti wasefedwa), musavundikire mpaka utazizira. Lembani tsiku pa chiwiyacho. M'firiji umakhala masiku atatu. Mufiriza miyezi ingapo. Mafuta oundana pamwamba asiyeni mpaka tsiku logwiritsa ntchito, amatchinga mpweya.

Mukapeza tithovu pamwamba pa msuzi wozizira, kapena fungo lowawasa, tayani. Musati ndiuwiritsanso. Tizilombo tina timasiya poizoni amene satha ndi kuwiritsa, ndipo msuzi ukhoza kukhala woopsa usanayambe n'komwe kununkha. Magetsi akazima usiku wonse ndipo m'mawa mwapeza firiji ili yofunda, muuone ngati msuzi wogona panja.

Sosi yoyera yachita mibulu

Aliyense amene anaphikapo phala akudziwa kale chimene chimachitika. Ufa wouma ukagwera m'madzi otentha, kunja kwake kumapsa n'kutseka, m'kati n'kukhala ufa wouma. Pa phala timathana nazo posungunula ufa m'madzi ozizira kaye. Afalansa amathana nazo pokazinga ufa wa tirigu mu batala kuti kanjere kalikonse kakutidwe ndi mafuta, kasamatirire kanzake. Chosakaniza chimenechi amachitcha ruu.

Muyeso wake ndi wa sikelo, osati wa sipuni: batala ndi ufa zolemera mofanana. Pa lita imodzi ya mkaka, magalamu 60 a batala ndi 60 a ufa amapereka sosi yokhuthala pakatikati. Sipuni ya ufa ndi yopepuka kuposa sipuni ya batala, ndiye amene amayeza ndi sipuni amapeza mafuta akuyandama pamwamba pa sosi. Sungunulani batala pa moto wochepa, thirani ufa wosefa wonse, takasani mphindi ziwiri kapena zitatu. Uzioneka ngati mchenga wonyowa, uzinunkhira ngati bisiketi, koma usasinthe mtundu.

Pothira mkaka ndi pamene mibulu imabadwira. Phulani poto pamoto. Thirani mkaka wozizira kapena wofunda pang'ono, kapu imodzi yokha, n'kumenya ndi waya womenyera mazira. Apa wophunzira amachita mantha, chifukwa zinthu zimauma gwa ngati nsima. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Menyani mpaka zisalale, thiraninso kapu ina, menyaninso. Mukafika kapu yachitatu zimakhala ngati phala, ndipo mkaka wotsalawo mutha kuthira wonse n'kubwezera pamoto. Amene amachita mantha n'kukhuthulira lita yonse pa nsima ija amatsala ndi zigumukire zikusambira mu mkaka. Mkaka wowira pa ruu wotentha ndiye woipitsitsa kwa wongoyamba kumene: ufa umapsa dzanja lisanafike.

Takasani mpaka iwire, kenako chepetsani moto iphikike mphindi 15 mpaka 20. Mthiko uzifika m'mbali mwa pansi pa poto, mmene waya safika. Kuti mudziwe ngati yakwana, viikani sipuni, jambulani mzere ndi chala kumsana kwake. Mzerewo ukakhala osatsekeka, yakwana. Mchere, tsabola woyera ndi kanatimegi pang'ono zimalowa kumapeto.

Mibulu ikachitika, phulani, menyani mwamphamvu, ndipo ikakanika dutsitsani pa sefa. Palibe manyazi pamenepo, ngakhale ophika akale amasefa. Kungoti mibulu yotsala m'sefayo ndi ufa umene sunagwire ntchito, ndiye sosi ikhoza kutuluka yamadzi, ifunika kuphikidwa pang'ono kuti ikhuthale.

Mavuto ena a beshamelo amadziwika ndi lilime kapena maso. Ikamamveka ufa waiwisi, yamata m'kamwa, sinaphikike mokwanira, ibwezereni pamoto mphindi khumi. Ikalimba kwambiri, onjezani mkaka wofunda pang'onopang'ono, ndipo kumbukirani kuti ikamazizira imalimbiratu. Ikakhala yamadzi musawazemo ufa wouma, mibulu ibweranso. Kandani batala wofewa ndi ufa mofanana, muziponyamo tizidutswa mukumenya. Ikachita chikhungu pamwamba podikira, pakani kabatala pamwamba kapena yalani pepala logunda sosiyo.

Pali vuto lina limene limadabwitsa ambiri kuno kwathu: sosi yoyera kutuluka yotuwa ngati phulusa. Mapoto athu ambiri ndi a aluminiyamu, ndipo waya wachitsulo ukamakhula pansi pake umapala chitsulocho n'kudetsa sosi. Gwiritsani poto wa sitilo wa pansi pochindikala, ndipo ngati mulibe, takasani ndi mthiko. Mapoto opyapyala aja amapsererezanso mkaka msanga. Mukamva mthiko ukukoka chinthu pansi, musapale ngakhale pang'ono. Tsanulirani sosi m'poto wina nthawi yomweyo, zomata zitsale, ndiye mulawe. Ngati utsi wamveka kale, yapita. Tchizi kapena tsabola sizibisa fungo la mkaka wopserera.

Mukafuna kuisandutsa sosi ya tchizi, phulani kaye, ndiye muthire tchizi wopala. Tchizi akawira amatulutsa mafuta n'kuchita timiyalamiyala. Mandimu nawo amadula mkaka, ndiye ngati akufunika alowe madontho ochepa, pomaliza, poto ali pansi.

Ruu yemweyo, ndi sitoko

Mukachotsa mkaka n'kuikapo lita imodzi ya sitoko ya nkhuku ija, ruu mutamukazinga pang'ono kufika mtundu wa udzu wouma, mwapanga sosi ina yotchedwa velute, imene imathiridwa pa nkhuku kapena m'payi. Masitepe ake ndi omwewo, mavuto akenso ndi omwewo, kuphatikizapo limodzi: sitoko ikhale yochotsedwa mafuta, apo ayi sosi imachita madontho onyezimira pamwamba. Iwireni modekha mphindi 20 mpaka 30, mukuwaula kachikhungu kosonkhana m'mbali.

Pa sosi yofiirira ruu amakazingidwa mpaka atafiira, ndipo apa ophunzira amadabwa kuti magalamu 60 omwe aja sakukhuthalitsa lita. Ufa ukakazingidwa nthawi yaitali umataya mphamvu ina yokhuthalitsa, choncho ruu wofiirira amafunika wochulukirapo, kapena sosi iphwetsedwe nthawi yaitali. Batala amapserera msanga pa ntchito imeneyi, ndiye ambiri amagwiritsa mafuta ophikira kapena mafuta otsanula pa thireyi ya mafupa ija. Mukaona timadontho takuda mu ruu, musathire sitoko yanu ya maola asanu ndi atatu pamenepo. Tsukani poto muyambirenso, mwataya ufa wa magalamu 80 okha.